Kalata yopempha makolo thandizo la dimba la pasukulu: ndikonze pati?

Mphunzitsi_wa_ku_Malombe
Ndikupereka moni kwa nonse a pa gulu lino. Ndimaphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ina ya pulayimale m'dera la Mfumu Yaikulu Chimwala, ndipo aphunzitsi aakulu andipatsa udindo woyang'anira dimba la sukulu. Chaka chatha tinatumiza kalata kwa makolo yopempha thandizo, koma zimene zinabwera ndi makasu awiri opanda mipini ndi jumbo ya mbewu zosakanikirana, zina zofumbwa kale. Ndiwo zochepa zimene zinamera zinadyedwa ndi mbuzi sukulu itatsekera. Teremu yoyamba yangoyamba kumene mu Sepitembala muno, ndipo ndisanatumize kalata ina ndikufuna mundithandize nzeru. Kalata ya chaka chatha inali yotere:

"Okondedwa makolo, sukulu yathu ikuyambitsa dimba pofuna kuti ana aziphunzira ulimi pogwira ntchito ndi manja awo komanso kuti azidya zakudya zopatsa thanzi. Choncho tikupempha kholo lililonse kuti lithandize ndi mbewu, zipangizo kapena nthawi yake, malinga ndi mmene lingathere. Thandizo lanu lifike ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu mwamsanga."

Malo amene tili nawo ndi a mamita 20 m'litali ndi mamita 15 m'lifupi, dothi lake ndi lamchenga, ndipo madzi timatunga pa mjigo umene timagawana ndi anthu a m'mudzi. Kodi vuto lili m'kalatayi, kapena makolo alibe chidwi?

Bambo_wa_ana_anayi
Aphunzitsi, boma linalengeza mu 1994 kuti maphunziro a pulayimale ndi aulere, koma teremu iliyonse makalata opempha ndalama satha. Ife makolo tatopa, ndipo yankho la funso lanu ndi limenelo.

Mphunzitsi_wa_ku_Malombe
Bambo, kudandaula kwanu ndikukumva, koma kalatayi siinapemphe ndalama ngakhale tambala imodzi. Inapempha mbewu, zipangizo kapena nthawi.

Bambo_wa_ana_anayi
Ndawerenganso ndipo ndaona kuti mukunena zoona, pepani. Komabe ngati ine amene ndimadziwa kuwerenga ndinaimva ngati ya ndalama, dziwani kuti makolo ambiri anaimva chimodzimodzi. Mwana akafika pakhomo ndi pepala la kusukulu lolembedwa mawu akuti "thandizo", kholo limayamba kuganiza za m'thumba lisanamalize chiganizo choyamba.

Mlangizi_wopuma
Mfundo ya Bambo_wa_ana_anayi musaitaye, chifukwa yakuonetsani chiganizo chimene chiyenera kukhala pamwamba pa kalata yatsopano: sukulu sikupempha ndalama, ndipo palibe mwana amene adzabwezedwe kunyumba chifukwa kholo lake silinapereke kanthu.

Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka zambiri m'boma lino, ndipo ndikuona kuti vuto lalikulu la kalata yanu ndi lakuti inalembedwa dimbalo lisanaganiziridwe. Munthu akauzidwa kuti abweretse "mbewu" amatenga zimene zatsala pansi pa thumba, ndipo sanalakwe, popeza simunamuuze mbewu yanji, yochuluka bwanji, ifike tsiku liti. Musanalembe, yambani mwawerengera madzi, chifukwa madzi ndiwo adzakuuzani kukula kwa dimba, ndipo kukula kwa dimba ndiko kudzakuuzani zoti mupemphe.

Tiyerekeze kuti bedi lanu ndi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa kuno ku Mangochi pa dothi lamchenga, bedi lotero limafuna malita pafupifupi 30 tsiku lililonse, kutanthauza makheni atatu a malita 10. Pa malo anu mabedi 20 akhoza kukwana bwinobwino, koma mabedi 20 ndi malita 600 pa tsiku, zimene ndi ndowa 30 za malita 20. Kupopa madzi ochuluka chotero pa mjigo wa manja kumatenga pafupifupi ola lathunthu, osawerengera kunyamula, ndipo nthawi yonseyo amayi a m'mudzi adzakhala ataima pamzere ndi ndowa zawo. Sabata siingathe mkangano usanabuke. Mukayamba ndi mabedi 6 okha, mudzafuna ndowa 9 pa tsiku, zimene ana a kalasi imodzi angathe m'mawa ndi masana popanda kuphonya phunziro. Malo otsalawo muwasungire mbewu za mvula.

Nachisale_Namwera
A Mlangizi, ine sindikugwirizana nanu pa zochepetsa mabedi. Kwathu kuno ku Namwera sukulu ya mwana wanga inadzala repu ndi tchainizi mabedi ambiri ndithu mu Sepitembala, ndipo zinachita bwino mpaka mvula inabwera. Dimba laling'ono silingakope makolo, chifukwa munthu amafuna kuona chinthu chooneka asanapereke khasu lake.

Mlangizi_wopuma
Mayi, Namwera ndi kumtunda, kumazizirirapo, ndipo dothi lake m'malo ambiri limasunga chinyezi kuposa mchenga wa m'mbali mwa Malombe. Zimene zinatheka kwanuko sizingatheke mofanana kwa aphunzitsiwa. Repu, tchainizi ndi mpiru zimakonda nyengo yozizira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Kumunsi kuno zikadzalidwa mu Okutobala zimafota masana, nsabwe zimadzadza kunsi kwa masamba, ndipo mpiru umathamangira kuchita maluwa. Pa nyengo yotentha ndi bwino kudalira bonongwe, khobwe wa chitambe ndi therere. Bonongwe amayamba kuthyoledwa pakatha masabata atatu kapena anayi chifesereni, ndiye chooneka chimene mukunenacho makolo adzachiona msanga, ngakhale mabedi akhale ochepa.

Nachisale_Namwera
Za kutentha ndavomera. Za kukopa makolo ndikadali ndi maganizo anga, chifukwa bonongwe amamera yekha kuseri kwa khola, ndipo ena adzanena kuti sukulu yawaitanira ntchito ya ndiwo za kutchire.

Mayi_wa_gulu_la_amayi
Ndili m'gulu la amayi pa sukulu ina kufupi ndi Malindi, ndipo ndikufuna kunena za amene amalandira kalatayo. M'midzi yathu makomo ambiri abambo ali ku Joni kapena kunyanja, ndipo ana akuleredwa ndi amayi kapena agogo awo. Ambiri mwa amenewa amalankhula Chiyao, ndipo ena sadziwa kuwerenga. Kalata imawerengedwa ndi mwana yemweyo amene waibweretsa, mwina wa Sitandade 3, ndiye chiganizo chikatalika tanthauzo limatayika pakati pa njira. Ife tinaona kuti pepala palokha silikwanira. Tinapita kaye kwa amfumu, iwo anaitanitsa msonkhano, kalatayo inawerengedwa m'Chichewa n'kumasuliridwa m'Chiyao, kenaka tinapempha ashehe kuti aikumbutse kumzikiti Lachisanu ndi akuluampingo kutchalitchi Lamulungu. Pepala lopita ndi ana linangokhala chikumbutso cha zimene anthu anamva kale ndi makutu awo. Aphunzitsi, kodi chaka chatha amfumu anadziwa za dimbalo kalata isanatuluke?

Mphunzitsi_wa_ku_Malombe
Sanadziwe, mayi. Ngakhale komiti ya sukulu inangouzidwa kalata itapita kale. Pamenepo tinalakwitsa.

Mayi_wa_gulu_la_amayi
Ndiye kalata yatsopano isainidwe ndi mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndipo itchule kuti amfumu avomereza. Nkhani ya mbuzi simungaithe popanda amfumu, chifukwa anthu akakolola ziweto zimamasulidwa, ndipo ndi amfumu okha amene angauze eni ake kuti mbuzi yolowa m'dimba la sukulu ili ndi mlandu.

Che_Msodzi
Za nthawi ndiyankhepo ine. Mukalemba kuti "nthawi yake", munthu sadziwa ngati mukufuna tsiku limodzi kapena chaka chonse, ndiye amaopa kulonjeza. Lembani tsiku, ola loyambira, ola lomalizira ndi ntchito yake. Lachisanu musaliike, chifukwa ndi tsiku la mapemphero, ndiponso ana ambiri masana amapita ku madarasa, choncho ntchito ya kuthirira madzulo musaiyembekezere kwa onse. Ife asodzi a usipa kunyanja yaikulu timagwira ntchito usiku ndi nyali, m'mawa timakhala tatopa, koma mwezi ukakhala wowala kwambiri usipa subwera ku nyali ndipo ambiri timakhala kumtunda. Ngati mukufuna amuna oti akumbe mayenje ndi kuzika mitengo ya mpanda, sankhani Loweruka la masiku amenewo. Asodzi a ku Malombe ali ndi kagwiridwe kawo, ndiye muwafunse okha masiku amene amapezeka.

Mlongo_wa_Sabata
Loweruka nalonso si la onse, chifukwa ena timapembedza tsiku limenelo. Ikani masiku awiri kuti munthu asankhe.

Che_Msodzi
Mwanena zoona, achemwali, ndinaiwala zimenezo.

Kalipentala_wa_pa_Boma
Nkhani ya makasu opanda mipini ija isakudabwitseni. Khasu labwino pakhomo limakhala limodzi kapena awiri, ndipo mu Sepitembala ndi Okutobala ndi pamene anthu akusosa ndi kugalauza minda yawo. Mukapempha kuti apereke, amapereka lakutha. Siyanitsani zinthu ziwiri m'kalatamo. Pali zida zimene kholo limabwera nazo tsiku la ntchito n'kubwerera nazo kwawo, monga khasu, chikwanje, nkhwangwa, fosholo ndi wilibala. Pali zina zimene ziyenera kukhala pa sukulu tsiku ndi tsiku, ndipo pa mabedi 6 zimenezi ndi zochepa: makasu anayi, makheni awiri kapena atatu, ndowa zinayi ndi chingwe choyezera. Makheni akasowa, chigubu cha malita 5 chobooledwa pachitsekerero ndi msomali wotentha chimathirira bwino mbewu zazing'ono, ndipo chimenechi mwana wamng'ono amachinyamula mosavutika. Khasu lopanda mpini musalinyoze. Pemphani kuti amene amadziwa kusema mipini apereke luso lakelo. Chida chilichonse chobwerekedwa chilembedwe m'kope, dzina la mwini wake ndi tsiku lobweza, ndipo chiikidwe chizindikiro cha penti. Ine ndinabwereketsa wilibala ku sukulu ina, inabwera patatha miyezi isanu tayala litaphulika, ndipo panalibe amene anavomera kuti ndiye anaigwiritsa ntchito. Kuyambira pamenepo ndimafunsa kaye kuti kiyi wa chipinda cha zida amasunga ndani.

Mlangizi_wopuma
Tsopano za mbewu, popeza apa ndi pamene pali ngozi imene ambiri saiganizira. Mbewu zogula m'masitolo, makamaka chimanga, nthawi zambiri zimakhala zopakidwa mankhwala, ndipo zimadziwika ndi utoto wofiira kapena wobiriwira. Kholo likhoza kumpatsa mwana wa Sitandade 2 mbewu zotere m'kapepala kuti apite nazo kusukulu, iye n'kuziika m'thumba limodzi ndi chakudya chake, kapena kuzitafuna panjira. Kalata inene momveka kuti mbewu za utoto, ndiponso mankhwala alionse ophera tizilombo, zisatumizidwe ndi mwana. Munthu wamkulu abwere nazo yekha, zili m'paketi yake.

Chachiwiri, pemphani mbewu zimene makolo amasunga okha ndipo zimabereka mofanana chaka ndi chaka: khobwe, nandolo, maungu, therere, bonongwe. Musapemphe njere zochotsedwa mu tomato wogula pamsika kapena chimanga cha haibulidi chobwereza, chifukwa mbewu ya haibulidi ikabwerezedwa zomera zake zimatuluka zosiyanasiyana ndipo zokolola zimatsika. Mbewu iliyonse ibwere payokha, m'kapepala kolembedwa dzina lake ndi chaka chimene inakololedwa. Kuchuluka kwake kutchulidwe ndi muyeso umene aliyense ali nawo kunyumba. Bonongwe wodzadza kabokosi ka machesi akukwanira mabedi angapo, chifukwa njere zake ndi zazing'ono kwambiri ndipo pofesa timasakaniza ndi mchenga kuti zisaunjikane. Khobwe ndi nandolo, kapu imodzi pa banja ndi yambiri kale.

Zikafika, musadzale musanaziyese. Tengani njere 20 pa mtundu uliwonse, muzikulunge m'kansalu konyowa, muike pamthunzi, ndipo tsiku lililonse muziwaza madzi kuti kansaluko kasaume. Pakatha sabata muwerenge zimene zatulutsa muzu. Zikakwana 16 kapena kuposa, mbewuyo ndi yabwino. Zikakhala pakati pa 10 ndi 15, dzalani mowirikiza pang'ono. Zikapanda kufika 10, musataye nazo madzi. Ntchito imeneyi ana a Sitandade 6 akhoza kuichita okha, ndipo muli masamu a magawo amene mumawaphunzitsa kale. Khobwe wokhala ndi timabowo ndi ufa pansi pa kapepala walowedwa ndi anankafumbwe, ndipo muyenera kumusiyanitsa msanga asanawononge wabwino.

Mnyamata_wa_ku_koleji
Bwanji osangopempha bungwe lina kuti likupatseni mbewu zamakono, mapaipi ndi pampu ya dzuwa? Kuvutitsa makolo osauka chifukwa cha kabokosi ka machesi ka bonongwe ndikuona ngati kubwerera m'mbuyo.

Mayi_wa_gulu_la_amayi
Achimwene, pampu ikabwera palibe amene angaikane. Koma ndaonapo dimba la sukulu limene zonse zinachokera kunja, ndipo pampu itawonongeka palibe wa m'mudzi amene anadziona kuti ali ndi udindo wokonza, chifukwa sanaikepo dzanja pachiyambi. Munthu amene anazika mtengo wa mpanda ndi amene amathamangitsa mbuzi akamadutsa.

Mnyamata_wa_ku_koleji
Ndamva, koma ndikadakhulupirira kuti popanda njira ina ya madzi dimbalo silidzakula kupitirira mabedi 6 amenewo.

Mlangizi_wopuma
Pamenepo mukunena zoona, ndipo ndi nkhani yoti komiti iiganizire chaka chamawa dimba laling'onoli likaoneka kuti likuyenda. Pakadali pano pali njira zochepetsera madzi. Nyengo yotentha mabedi akhale olowa pansi, osati okwera, kuti madzi asathawire m'mbali. Pa bedi lililonse la mamita 5 musakanize ndowa zitatu kapena zinayi za manyowa owola bwino, chifukwa mchenga wopanda manyowa susunga madzi, kenaka muphimbire ndi udzu wouma mbewu zikamera. Manyowa ndi chinthu chinanso choti chilowe m'kalata, popeza makomo ambiri kuno ali ndi khola la mbuzi ndipo kupereka ndowa imodzi sikupweteka aliyense. Koma mulembe kuti akhale akale, ouma, osanunkha. Aawisi amawotcha mizu. Chiswe chimakonda udzu wophimbira, ndiye udzuwo usagunde tsinde la mbewu, ndipo muziyang'ana pansi pake kawirikawiri. Chinanso, aphunzitsi, lawani madzi a mjigo wanuwo. Mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja ili ndi madzi amchere, ndipo mukaona zoyera ngati ufa pamwamba pa bedi likauma, kapena masamba akupsa m'mphepete, vuto likhoza kukhala limenelo.

Mphunzitsi_wa_ku_Malombe
Madzi athu alibe mchere, anthu amamwa bwinobwino. Koma za mpanda ndili ndi nkhawa. Kuzungulira malo athu ndi mamita 70, ndipo tikamazika mtengo pa mamita awiri alionse tikufuna mitengo 35. Udzu wa mpanda wotalika chotero tiupeza kuti mu Sepitembala, tchire litapsa kale?

Agogo_a_ku_Nankumba
Mwafunsa bwino, mwanangu. Udzu umamwetedwa mu Juni ndi Julayi, ndipo umene anthu ali nawo tsopano ausungira kufolera nyumba mvula isanagwe, choncho simuupeza waulere. Popeza muli pafupi ndi madzi, pemphani bango, kapena masamba a migwalangwa ngati ilipo kwanuko. Mapesi a chimanga musagwiritse ntchito, chifukwa mbuzi zimadya mpanda womwewo. Kunja kwa mpanda, pansi, muyale nthambi za minga, popeza mbuzi imalowera pansi pamene pali mpata. Ndiponso simukakamizidwa kutchinga malo onse lero. Tchingani mbali ya mabedi 6 yokha, mwina mamita 10 ndi mamita 8, zimene ndi mamita 36 ndi mitengo 18. Mvula ikayamba anthu amamanga mbuzi zawo chifukwa cha minda, ndiye mbali ya mbewu za mvula idzatetezeka pamodzi ndi minda ya mudzi. Mitengoyo isakhale yodulidwa m'nkhalango yotetezedwa. Amfumu akuuzeni kumene mungadule.

Nachisale_Namwera
Palibe amene watchula mbatata. Ya chikasu m'kati ija, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, ili ndi vitamini A, ndipo masamba ake ndi kholowa. Imeneyo ndiye ingakope makolo kuposa bonongwe.

Mlangizi_wopuma
Apa ndikugwirizana nanu kotheratu, mayi. Chovuta chake n'chakuti mbewu ya mbatata ndi zingwe zaziwisi, ndipo m'chilimwe zimapezeka kwa okhawo amene ali ndi madimba m'mphepete mwa nyanja kapena mwa Shire. Kalata iwapemphe amenewo mwapadera. Zidutswa zikhale za masentimita 30, zodulidwa kunsonga kwa chingwe osati kutsinde, chifukwa kutsinde ndi kumene nankafumbwe wa mbatata amabisala, ndiponso zisachokere pa mbewu ya masamba opinimbira kapena amawangamawanga. Pa mzere wa mamita 10, podzala motalikirana masentimita 30, pamalowa zidutswa 33, ndiye mizere khumi ikufuna zoposa 300. Zochuluka chotero simungazipemphe nthawi imodzi. Pemphani 50 kapena 60 tsopano, muzidzale pa bedi limodzi mwa mabedi 6 aja, muzithirire, ndipo pofika Disembala mudzadula zanuzanu zokwanira mizere ingapo. Zingwe zibwere tsiku lomwelo lodzala kapena dzulo lake, zitasungidwa pamthunzi.

Bambo_wa_ana_anayi
Nonse mukunena zodzala, koma palibe amene wanena kuti ndiwozo adzadya ndani. Mwana wanga wamkulu anathirira dimba la sukulu teremu yonse, mpaka nthawi zina ankatumidwa kumeneko ngati chilango chochedwa, koma ndiwo zinathera kunyumba za aphunzitsi. Kalata ikapanda kuyankha funso limeneli, ine khasu langa silichoka pakhomo.

Mphunzitsi_wa_ku_Malombe
Funso limeneli ndi loyenera, bambo, ndipo kalata ya chaka chatha inalizemba ndi mawu akuti "zakudya zopatsa thanzi". Zoona zake n'zakuti mabedi 6 sangadyetse sukulu yonse. Maganizo anga ndi akuti ana a kalasi imene yagwira ntchito sabata imeneyo azigawana ndiwo kupita nazo kunyumba, ndipo mphunzitsi akafuna azigula pa mtengo wa pamsika. Za chilango ndikulonjeza kuti ndidzapempha aphunzitsi anzanga kuti dimba lisakhale malo olangira ana.

Kalipentala_wa_pa_Boma
Ine ndikanakonda zonse zigulitsidwe, ndalama zisungidwe ndi msungichuma wa komiti, mugulire makheni ndi mbewu za mu Epulo. Mukagawa zonse, chaka chamawa mudzalembanso kalata yopempha.

Mayi_wa_gulu_la_amayi
Ndalama zikangolowa, kukayikirana kumayamba. Ngati mugulitse, zolowa ndi zotuluka ziwerengedwe poyera pa msonkhano wa makolo teremu iliyonse. Ine ndikanasankha kuti gawo lina lipite kwa ana amasiye ndi amene akuleredwa ndi agogo okalamba.

Mphunzitsi_wa_ku_Malombe
Nkhani ya zokolola sindingaigamule ndekha, ndiye ndiipereka ku msonkhano wa makolo, ndipo kalata inena zimenezo poyera. Nayi imene ndalemba potsatira malangizo anu. Masiku ndiwalemba tikagwirizana ndi amfumu.

"Okondedwa makolo ndi olera ana, kalatayi sikupempha ndalama, ndipo palibe mwana amene adzabwezedwe kapena kulangidwa chifukwa kwawo sanapereke kanthu. Mogwirizana ndi amfumu komanso komiti ya makolo ndi aphunzitsi, sukulu ikonza dimba la mabedi 6 kuseri kwa kalasi ya Sitandade 6. Tikupempha banja lililonse limene lingathe kuti lisankhe chinthu chimodzi chokha.

Amene ali ndi mbewu apereke kapu imodzi ya khobwe, nandolo kapena maungu, kapena kabokosi ka machesi ka bonongwe kapena therere, mbewu iliyonse payokha. Amene ali ndi dimba kunyanja atithandize ndi zingwe za mbatata ya chikasu m'kati. Mbewu zopakidwa utoto, ndiponso mankhwala alionse ophera tizilombo, musapatse mwana kuti anyamule. Amene ali ndi khola apereke ndowa imodzi ya manyowa akale.

Tikufuna mitengo 18 ya mpanda, mitolo ya bango, makasu anayi ndi ndowa zinayi zokhala pa sukulu. Chilichonse chobwerekedwa chidzalembedwa m'kope ndipo chidzabwezedwa teremu ikamatha.

Amene angapereke nthawi abwere tsiku limodzi mwa masiku awiri olembedwa pansipa, kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko m'mawa, kudzamanga mpanda ndi kukonza mabedi. Abwere ndi khasu kapena chikwanje chawo, ndipo adzabwerera nacho. Kagawidwe ka zokolola kadzagamulidwa ndi inu makolo pa msonkhano, tisanadzale."

Agogo_a_ku_Nankumba
Iyi ikumveka, ndipo mwana akhoza kuiwerenga kwa agogo ake osapunthwa. Onjezani kuti amene amadziwa kusema mipini nayenso akufunika.

Mlangizi_wopuma
Kalatayi yakhala bwino, koma dzenje limene munagweramo chaka chatha likadali lotsegula. Teremu yoyamba imatha mu Disembala, ndipo mvula ya kuno siidalirika: ikhoza kugwa kamodzi kumapeto kwa Novembala kenaka n'kudula masabata awiri kapena atatu. Bedi lamchenga likakhala masiku atatu osathiriridwa pa dzuwa la nthawi imeneyo, bonongwe wamng'ono ndi zingwe za mbatata zongodzalidwa kumene zimauma. Kalata ipemphe mabanja oyandikana ndi sukulu kuti alembetse mayina a kuthirira pa holide, banja limodzi masiku awiri kapena atatu.

Che_Msodzi
Disembala ndi nthawi yodzala ndi kupalira, a Mlangizi. Munthu sangasiye munda wake kukathirira wa sukulu kwaulere. Mwina mlonda wa sukulu apatsidwe bedi limodzi likhale lake, iye azithirira onsewo.

Mayi_wa_gulu_la_amayi
Mlonda amagwira ntchito usiku, ndipo ndowa 9 pa tsiku kwa munthu mmodzi amene sanagone ndi zambiri. Kwathu mabanja anayi oyandikana ndi sukulu anavomera kuthirira titagwirizana kuti ndiwo zonse zothyoledwa pa holide ndi zawo. Zinayenda, ngakhale kuti makolo ena a kutali anadandaula kuti anzawo akudyerera.

Mphunzitsi_wa_ku_Malombe
Njira ziwiri zonsezi ndizitengera ku komiti Lachiwiri likudzali, pamodzi ndi nkhani ya zokolola. Ndikumananso ndi a komiti ya mjigo kuti tigwirizane ola limene ana azitunga madzi, kuti lisagundane ndi nthawi ya amayi. Mayi_wa_gulu_la_amayi, ngati n'kotheka munditumizire kumbali mmene munalembera mgwirizano wa mabanja anayi aja, chifukwa ndikufuna ndiuwerenge pamaso pa amfumu kalatayi isanasindikizidwe.